Lintala ikhale pa khoma, osati pa felemu

Aphwanga amene mwangolowa ntchito ya zomangamanga, kaya mwatuluka ku Soche Technical College ku Limbe, kaya mwaphunzirira pamanja a bilidala ku Ndirande, mudzamva mwini nyumba akuuza anzake monyadira kuti, "Yanga ija yafika pa lintala." Iye akatero ndiye kuti akuwerenga msinkhu wa khoma ndi ndalama zimene zatsala kuti afike pa malata. Inu musamamve choncho. Kwa mmisiri, kufika pa lintala ndi kufika pamene khoma likuyamba kudutsa pamwamba pa malo opanda kanthu. Kuyambira pa maziko, njerwa iliyonse inali ndi inzake pansi pake. Pamwamba pa khomo ndi pa zenera palibe inzake, ndipo katundu yense wa pamenepo ayenera kupeza njira yokhotera kumbali kuti atsikire pansi.

Chimene ndikufuna musunge ndi chimenechi: musanadule chitsulo ngakhale chimodzi, tsatirani katunduyo ndi maso. Akuchokera kuti, akudutsa pati, akukatsikira pati? Mukayankha mafunso atatuwo, kutalika kwa lintala, kuzama kwake ndi malo a zitsulo zake zimadziwika zokha.

Chimene lintala imasenza

Njerwa ndi konkire n'zolimba pozipanikiza koma n'zofooka pozikoka. Pitani mukaone tchalitchi cha St Michael and All Angels pa Mishoni ya Blantyre, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott. Makomo ndi mazenera ake ali ndi mitu yokhota ngati uta, ya njerwa zokhazokha. Pa mutu wotere njerwa iliyonse imakankha inzake, palibe imene ikukokedwa, n'chifukwa chake yakhala zaka zoposa 130. Ife lero timafuna mutu wowongoka kuti felemu yachitsulo ilowe bwino, ndipo chinthu chowongoka chikasenza katundu pakati chimapindika. Tengani nzimbe, muigwire nsonga zonse ziwiri, mnzanu aikanikize pakati kuchokera pamwamba. Khungu limayamba kung'ambika kunsi, pamene kumwamba likungofinyika. Lintala imachitanso chimodzimodzi: kumwamba konkire ikupanikizika, ndipo imakwanitsa, kunsi ikukokedwa, ndipo payokha singathe. Ntchito ya zitsulo ndi kugwira kukoka kwa kunsiko.

Tsono katundu wake ndi wotani? Ngati pamwamba pa khomo pali khoma lalitali, lomangidwa molukana bwino, ndiponso mbali zonse ziwiri pali khoma lokwanira, njerwa zimapanga uta wobisika mkati mwa khomalo. Lintala imangosenza njerwa za m'kachigawo ka ngodya zitatu kamene kali pamwamba pake, zotsalazo zimadzitsikira kumbali. Koma nyumba zambiri zimene mudzamange ku Machinjiri, ku Bangwe kapena ku Chirimba sizili choncho. Pamwamba pa lintala pamangobwera mizere inayi kapena isanu ya njerwa, kenako denga. Uta ulibe malo opangikira. Pamenepo lintala imasenza zonse: kulemera kwake, njerwa zonse za pamwamba pake, ndi gawo la denga limene latsamira pa khomalo. Choncho funsani kalipentala msanga kuti mathirasi adzakhala pati. Thirasi imodzi ikagwera pakati penipeni pa zenera lalikulu, imavutitsa lintala kuposa njerwa zonse zija.

Felemu musaiwerengere n'komwe. Felemu yachitsulo ya chitseko kapena ya zenera ndi lata lopindidwa, ntchito yake ndi kugwira chitseko ndi magalasi. Mudzaona nyumba zina m'makwalala athu zimene njerwa zinangoyalidwa pamwamba pa felemu, mwina ndi waya wa bulikifosi mzere umodzi. Chaka choyamba zimaoneka bwino. Chaka chachiwiri chitseko chimayamba kukhula pamwamba, mwini nyumba amaitana kalipentala kuti achipale, ndipo patapita miyezi chimakhulanso, chifukwa chimene chikutsika ndi khoma, osati chitseko kutupa.

Pokhalira pake

Malo amene achinyamata ambiri amanyozera ndi nsonga ziwiri za lintala, pamene yalowa m'khoma. Katundu yense amene yasenza amatsikira pa timalo tiwiri timeneti. Lamulo limene ndimagwiritsa ntchito ndi ili: pa khomo wamba la mamilimita 900, lintala ilowe m'khoma mamilimita osachepera 150 mbali iliyonse. Mpata ukapitirira mita imodzi ndi mamilimita 200, ilowe njerwa yathunthu, mamilimita 230, mbali iliyonse. Ngati khoma ndi la njerwa zofewa kapena lomangira matope, perekani njerwa yathunthu ngakhale pa khomo laling'ono, ndipo mizere itatu ya pansi pa nsongayo muimange ndi simenti ngakhale khoma lonse litakhala la matope.

Kutalika kokha sikukwanira. Onani chimene chili pansi pa nsongayo. Iyenera kukhala pa njerwa yathunthu yolukana ndi khoma, osati pa chidutswa chimene mwatsekera nacho mzere. Chidutswa cha m'mphepete mwa khomo chilibe chochigwira kumbali imodzi, ndipo chikapanikizika chimasweka n'kutsetserekera mumpatamo. Muziyamba kuganizira zimenezi mizere iwiri musanafike pa lintala, kuti mzere womaliza uthere pa njerwa yathunthu. Sankhaninso njerwa zopsa bwino, zolira mukazigogoda. Mu uvuni umodzi mumatuluka njerwa zosiyana, zapafupi ndi moto ndi za m'mphepete, ndipo zofiirira zoyoyoka za m'mphepete zija zisapezeke pansi pa lintala.

Kuyambira 2018, pamene boma linaika malamulo oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi za malonda, ambiri a inu mukumanga ndi mabuloko a simenti. Buloko ya mamilimita 400 ili ndi mabowo, ndipo lintala ikakhala pa buloko yopanda kanthu mkati, katundu yense ali pa timakoma take topyapyala. Lowetsani lintala theka la buloko, mamilimita 200, ndipo mabowo a pansi pake muwadzaze ndi konkire mizere iwiri kutsika pansi. Ndi ntchito ya mafosholo ochepa chabe, koma imasandutsa chigoba kukhala mwala.

Pali vuto linanso pa nyumba za maploti aang'ono, pamene khomo ndi zenera zayandikana, pakati pangotsala kakhoma ka njerwa imodzi ndi theka. Musaikepo malintala awiri okumana mitu pa kakhomako. Thirani lintala imodzi yodutsa mipata yonse iwiri. Koma dziwani kuti pamwamba pa kakhoma ka pakatiko kupindika kumatembenuka: kumene kukukokedwa ndi kumwamba. Choncho pa lintala yotere zitsulo za kumwamba zikhale zazikulu mofanana ndi za kunsi, ndipo zisalumikizidwe pamenepo. Pewaninso kuika khomo kapena zenera pafupi ndi kona kuposa mamilimita 600, chifukwa nsonga ya lintala imasowa khoma loigwira.

Tiwerengere limodzi zenera limodzi

Tinene kuti mukumanga nyumba ku Machinjiri. Zenera la pabalaza ndi lotambalala mamilimita 1,800. Khoma ndi la njerwa yathunthu, mamilimita 230. Denga ndi la malata, lili ndi siling'i, ndipo kuchokera khoma la kutsogolo kufika la kumbuyo pali mamita 7.

Kutalika kwa lintala ndi mpata kuphatikiza pokhalira pawiri: 1,800 ndi 230 ndi 230, zonse 2,260. M'lifupi mwake ifanane ndi khoma, 230. Pa kuzama, njira yachidule ndi kugawa mpata ndi 12, koma osatsika pansi pa 150. Apa zikutipatsa 150, koma amenewo ndi malire a pansi penipeni, ndipo lintala iyi ikusenza denga. Ine ndingaipatse 230, pafupifupi mizere itatu ya njerwa. Pimani njerwa za pamalopo, chifukwa zikombole za oumba zimasiyana, kuti pamwamba pa lintala pakumane ndi mzere wa khoma popanda kudzaza matope ochindikala. Kuzama ndi kumene kumapatsa lintala mphamvu yokana kugwada. Ya 230 imakana kupindika kuposa ya 150 katatu ndi theka, pamene konkire yowonjezerayo sikwana n'komwe wilibala imodzi.

Tsopano katundu, pa mita iliyonse ya lintala. Konkire imalemera makilogalamu pafupifupi 2,400 pa kiyubiki mita, ndiye lintala yathu payokha ndi makilogalamu 130. Khoma la njerwa yathunthu lopakidwa pulasitala mbali zonse limalemera pafupifupi 500 pa sikweya mita. Pamwamba pa lintala pali mamilimita 400 a khoma, ndiye 200. Denga limagawana katundu pa makoma awiri, choncho khoma lathu likutenga mamita atatu ndi theka, kuphatikiza theka la mita lotulukira kunja, zonse mamita 4. Tikawerengera makilogalamu 75 pa sikweya mita, kuphatikizapo malata, matabwa, siling'i ndi munthu wokwera kukakonza, tikupeza 300. Zonse pamodzi ndi makilogalamu 630 pa mita.

Pa kutalika konse ndi makilogalamu pafupifupi 1,420, ndiye nsonga iliyonse ikutsitsa 710. Ganizirani matumba 14 a simenti ataunjikidwa pa malo amodzi. Pa pokhalira pa 230 ndi 230, sikweya sentimita iliyonse ikulandira kilogalamu imodzi ndi pang'ono, ndipo njerwa yabwino siimva n'komwe. Wina akafupikitsa pokhalira kufika 75 pofuna kusunga chitsulo, kupanikiza kumakwera katatu, ndipo konse kuli m'mphepete mwa njerwa, malo ake ofooka kwambiri.

Za zitsulo, mainjiniya amawonjezera katunduyo ndi theka kuti pakhale chitetezo, kenako amawerengera kupindika kwa pakati ndi fomula iyi: M = wL²/8. Chilembo w ndi katundu wa pa mita, L ndi mpata kuchokera pakati pa pokhalira pena kufika pakati pa pena, apa mamita awiri ndi pang'ono. Mukaitsatira mpaka kumapeto, imasonyeza kuti zitsulo ziwiri za Y10 kunsi zikanakwana pa zenera lathu. Ine ndimaika ziwiri za Y12, chifukwa konkire yosakaniza ndi fosholo sifanana tsiku ndi tsiku, ndiponso mwini nyumba angadzasinthe malata n'kuika matailosi, amene amalemera kwambiri. Kumwamba ndimaika ziwiri za Y10 zogwira maring'i.

Mu fomulayo muli phunziro limene liyenera kukuopsani pang'ono. L amachulukitsidwa ndi iye mwini. Mpata ukawirikiza kawiri, kupindika kumawirikiza kanayi, ngakhale katundu wa pa mita atakhala yemweyo. N'chifukwa chake lintala imene inagwira bwino pa zenera ili singakopedwe n'kuikidwa pa khomo la galaja la mamita atatu ndi theka, kapena kutsogolo kwa shopu ku Limbe.

Kumanga zitsulo

Zitsulo za kunsi muzidule mamilimita 2,410: kutalika kwa 2,210, kusiya 25 nsonga iliyonse, ndi 100 wopindira m'mwamba mbali zonse. Chitsulo chiyenera kufika mpaka pamwamba pa pokhalira ndi kukoleka pamenepo. Chikathera pa mphepete mwa zenera, nsonga ya lintala imatsala konkire yokha pamalo pamene katundu akutsikira. Chitsulo chimodzi cha mamita 12 chikupatsani zidutswa zinayi zotere, zokwana mazenera awiri. Musalumikize zidutswa pakati pa mpata. Ngati kulumikiza sikungapeweke, kuchitike cha ku nsonga, ndipo zitsulo zipitirirane kutalika kokwana makulidwe ake kuchulukitsa ndi 50, ndiye 600 pa Y12.

Pogula, yendani ndi chopimira. Y12 ikhale ya mamilimita 12, ndipo mita imodzi imalemera pafupifupi magalamu 890. Chitsulo chimene chachepa ndi milimita imodzi yokha chataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mphamvu yake. Dzimbiri lochepa lofiirira silivuta, lipukuteni ndi bulashi ya waya. Chimene chikusendeka makoko, kapena chogumulidwa ku nyumba yakale n'kuwongoledwa ndi hamala, chisalowe mu lintala.

Maring'i akhale a R6, opindidwa 180 ndi 180, ndi nsonga zokolekera mkati. Atalikirane 150, ndipo cha ku nsonga zonse ziwiri muwayandikize kufika 100, chifukwa kumeneko ndi kumene konkire imafuna kung'ambika mopingasa. Pa lintala yathu alowa pafupifupi 18. Amangeni ndi waya pa mphambano iliyonse kuti asagwe pothira konkire.

Ndiye pali mamilimita 25 aja a konkire yophimba zitsulo kunsi ndi m'mbali. Umbani timabuloko ta simenti ndi mchenga tochindikala 25, tokhala ndi waya pakati, masiku angapo zisanachitike, n'kutimangirira pansi pa maring'i. Zitsulo zikagona pa thabwa la shatala, zimadzatsala pamtunda, chinyezi cha mvula ndi cha chiperoni chimazifika, dzimbiri limatupa n'kusuntha konkire. Koma musazikwezenso mpaka pakati pa lintala. Pakati penipeni sipakokedwa, sipapanikizidwa, ndipo chitsulo choikidwa pamenepo chimagwira ntchito yochepa kwambiri poyerekeza ndi ndalama imene mwini nyumba walipira.

Konkire, shatala ndi kudikira

Lintala yathu imalemera makilogalamu pafupifupi 290, choncho ndi yothira pomwepo pa khoma. Thabwa la pansi likhale pa levulo, lochirikizidwa ndi mitengo yotalikirana osapitirira 600, ndipo mtengo uliwonse uime pa thabwa kapena pa konkire, osati pa dothi lothira kumene, limene limamira likanyowa. Ngati felemu yaikidwa kale, isasenze shatala. Tsekani ming'alu ya matabwa ndi mapepala a matumba a simenti kuti madzi a simenti asathawe. Nyowetsani matabwa ndi njerwa za pokhalira musanathire, chifukwa njerwa youma imamwa madzi a konkire.

Muyeso ndi 1:2:4. Thumba limodzi la makilogalamu 50 limafuna wilibala imodzi ya mchenga ndi mawilibala awiri a kwale, zosefukira ayi, zongolekeza pa mlomo. Thumba limodzi likukwanira lintala yathu n'kutsalako pang'ono, ndiye palibe chifukwa chochepetsera simenti pamalo pano. Kwale akhale wa mamilimita 19 kapena kucheperapo, ngati amene amachokera ku Njuli. Ngati ndi woswa pamanja, musefe, chifukwa mwala waukulu umakakamira pakati pa chitsulo ndi thabwa n'kusiya mphako. Mchenga ukhale wa mumtsinje, wokhakhala. Mitsinje ya mumzinda muno monga Mudi ndi Nasolo imabweretsa matope ndi zinyalala, choncho thirani mchenga mu botolo la madzi, mukhutchumule, muusiye ukhazikike. Ngati matope a pamwamba achuluka kuposa kamzere kopyapyala, utsukeni kapena pezani wina.

Madzi ndi amene amapha konkire yambiri. Ndowa imodzi ya malita 20 ndi kotala pa thumba ndi poyambira pabwino, ndipo mchenga ukakhala wonyowa muchepetse. Anyamata osakaniza amakonda konkire yamadzimadzi chifukwa imayenda yokha, koma madzi owonjezerawo akauma amasiya timabowo, mphamvu n'kutsika. Thirani lintala yonse nthawi imodzi, muzisinja ndi kachitsulo, makamaka m'makona ndi pansi pa zitsulo, kwinaku mukugogoda matabwa ndi hamala mpaka thovu litasiya kutuluka.

Matabwa a m'mbali mungachotse pakapita masiku awiri. Thabwa la pansi ndi mitengo yake zikhale masiku 14, ndipo m'miyezi yozizira ya June ndi July, kapena ngati simenti ndi wa 32.5 amene amachedwerapo kulimba poyerekeza ndi wa 42.5, dikirani masiku 21. Kwa masiku asanu ndi awiri oyamba, konkire isaume: ikuteni ndi masaka onyowa, muzithira madzi m'mawa, masana ndi madzulo, makamaka m'nyengo ya dzuwa la October. Konkire silimba chifukwa chouma, imalimba chifukwa simenti akugwirana ndi madzi, ndipo imafika pa mphamvu imene timawerengera pakatha masiku 28. Mwini nyumba adzakukakamizani, mwini matabwa obwereka adzabwera kudzawatenga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lintala yochotsedwa mitengo tsiku lachinayi imagwada pang'ono n'kuumira momwemo, ndipo siidzawongokanso.

Malintala aang'ono a makomo a mkati mungaumbire pansi. Ya khomo la 900 pa khoma la theka la njerwa ndi yotalika 1,200, yotambalala 115, yozama 150, ndi zitsulo ziwiri za Y10 kunsi, ndipo imalemera ngati thumba la simenti. Ikadali yaiwisi, lembani chizindikiro pamwamba pake ndi msomali. Ikauma, palibe amene angadziwe mbali imene kuli zitsulo, ndipo yoikidwa chadodolido ili ngati yopanda chitsulo. Poinyamula gwirani ku nsonga, mbali ya zitsulo ili pansi, ndipo muikhazike pa matope a simenti atsopano, osati pa njerwa youma, kuti katundu afalikire pa pokhalira ponse.

Pamene ndalama zilola, limbikitsani mwini nyumba kuti malintala onse alumikizidwe kukhala ring'i bimu yozungulira nyumba yonse, zitsulo zake zitapindidwa kudutsa m'makona. Dziko lathu lili m'chigwa chimene chimagwedezeka. Zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu December 2009 zinagwetsa nyumba zambiri za njerwa. Ring'i bimu imamanga makoma kuti asapatukane m'makona. Singaletse matope ndi miyala zotsika m'phiri monga zinachitikira ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu March 2023, koma imathandiza nyumba imene dothi la pansi pake lanyowa n'kutsika mbali imodzi. Kumbukirani kokha kuti pamene ikudutsa pa zenera lalikulu, ikugwira ntchito ya lintala, ndipo iyenera kukhala ndi kuzama ndi zitsulo zimene tawerengera zija.

Kuwerenga ming'alu

Mudzaitanidwa kukaona nyumba za ena, ndipo mng'alu uliwonse umanena chimene chinalakwika. Mng'alu woima pakati pa lintala, wotseguka kunsi n'kumatsekeka pokwera, ukunena kuti zitsulo n'zochepa, zili pamwamba, kapena shatala inachotsedwa msanga. Mng'alu wopingasa pafupi ndi nsonga ukunena za maring'i, ndipo umenewu ndi woopsa chifukwa lintala yotere imatha kuthyoka mosachenjeza. Chirikizani ndi mitengo tsiku lomwelo. Njerwa zosweka pansi pa nsonga zikunena kuti pokhalira n'pafupi kapena n'pofewa. Mzere wa dzimbiri wotsata kunsi kwa lintala ukunena kuti zitsulo zinagona pa thabwa.

Koma si mng'alu uliwonse wa pa zenera umene uli mlandu wa lintala. Ukayambira pa kona ya pansi ya zenera n'kutsika ngati masitepe mpaka ku maziko, vuto lili m'nthaka, ndipo pa mapuloti otsetsereka a ku Soche ndi ku Ndirande, odulidwa mbali ina n'kuthiridwa mbali ina, zimenezi n'zofala. Kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi kotsata malire a lintala ndi njerwa nthawi zambiri ndi ka pulasitala chabe. Kuti mudziwe ngati mng'alu ukukula, matanipo kachigamba ka simenti kopyapyala, mulembe tsiku pambali, mubwerenso pakatha mwezi. Kachigambako kakasweka, khoma likuyendabe.

Ntchito ina imene mudzapatsidwe kawirikawiri ndi kuboola khoma lakale kuti chipinda cha kumsewu chisanduke shopu. Musayambe ndi kugumula. Chirikizani denga kaye. Semani mpata wa lintala theka la kuchindikala kwa khoma mbali imodzi, lowetsani lintala youmbiratu yokhwima, dzazani pamwamba pake ndi matope a simenti olimba mothinitsa, dikirani sabata, kenako chitani chimodzimodzi mbali inayo. Pokhapokha malintala awiriwo atagwira ndi pamene mugumule za pansi pake.

Malire a mmisiri

Miyeso yonse imene ndakupatsani ndi ya nyumba yosasanja, ya denga la malata, ndi mipata yosapitirira mamita awiri ndi theka. Mpata ukaposa pamenepo, kapena pamwamba pakubwera silabu, nyumba ina yosanja, kapena thanki ya madzi, imene ya malita 1,000 yokha ndi tani yathunthu, chimenecho si lintala wamba, ndi bimu, ndipo awerengere ndi injiniya wovomerezeka. Mapulani ovomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda wa Blantyre akasonyeza zitsulo za pamalo otere, tsatirani zimene zalembedwa. Mukaona kuti pamalopo zinthu zasiyana ndi pulani, imitsani ntchito, mufunse. Safunsa anadya phula.

Tsiku lothira, musanalole fosholo yoyamba, itanani mwini nyumba kapena folomani aone zitsulo zili poyera. Muonetseni pokhalira ndi tepi, muwerengereni zitsulo ndi maring'i, muonetseni timabuloko ta pansi, ndipo mujambule chithunzi ndi foni. Kenako mugwirizane pomwepo tsiku lochotsa mitengo, mulilembe ndi choko pa thabwa. Konkire ikangolowa, palibenso amene angaone zimene mwaika mkati kapena kuzikonza, ndipo mwini nyumba amene waona ndi maso ake chimene chikusenza denga lake savuta kudikira masiku 14.